Mwana wanga amudulira mizere yofiira pa chiganizo chomwe ndinamva Mngerezi akulankhula

MayiWaAtatu: Ndikupempha nzeru kwa inu nonse amene mumadziwa Chingerezi. Mwana wanga wamkazi ali mu Fomu 2, ndipo sabata yatha aphunzitsi anawapatsa chimangirizo chofotokoza zimene amachita tsiku ndi tsiku. Iye analemba motere: "Every day I am waking up at five o'clock. I am sweeping the yard and my mother is cooking porridge. My father is going to work every day." Kope litabwerera, aneni onse anayi anali atadulidwa mizere yofiira, ndipo malikisi anachepa kwambiri. Sindikutsutsa aphunzitsi, koma chikundizunguza mutu ndi chakuti kumene ndimagwira ntchito kuli mayi wina wochokera ku England, ndipo ndinamumva ndi makutu angawa akunena kuti "I am cycling to work every day." Ngati mwini chilankhulo amalankhula choncho, mwana wanga walakwitsa pati? Ndikufuna ndimvetse bwino ndisanamufotokozere, chifukwa sindikufuna kumusokoneza.

KalalikiWaKuLimbe: Amayi, aphunzitsiwo sanalakwitse. Lamulo lake ndi lakuti pamene pali "every day", "always" kapena "usually", mneni salandira "-ing". Ife tinaphunzira choncho ndipo silinandigwetsepo. Mngerezi wanuyo anangolankhula mosasamala, monga nafenso timachitira m'Chichewa chathu.

WaKuJoni: Inetu ndikuona kuti nkhaniyi mwaiphonya. Mawu akuti "going to" amanena za m'tsogolo. Munthu akati "I am going to work every day" akulonjeza kuti azigwira ntchito tsiku lililonse, ndipo palibe cholakwika chilichonse pamenepo. Kuno ku Joni timamva zimenezi tsiku ndi tsiku.

KalalikiWaKuLimbe: Ndiye mukutanthauza kuti mwanayo amalonjeza m'malo mwa bambo ake kuti azigwira ntchito? Werenganinso funso la amayiwa, achimwene.

MphunzitsiWopuma: Ndinaphunzitsa Chingerezi kusekondale zaka zambiri, ndipo funso lanuli, amayi, yankho lake lili m'Chichewa momwemu. Ndiloleni ndiyambire kumeneko.

Tengani ziganizo zitatu izi. Choyamba: bambo amapita kuntchito wapansi. Chachiwiri: bambo akupita kuntchito wapansi. Chachitatu: bambo akumapita kuntchito wapansi. Palibe Mmalawi amene angazisokoneze. Choyambacho chikutiuza chizolowezi chokhazikika, mmene bamboyo amakhalira. Chachiwiri chikutiuza kuti panopa ali panjira, mwina angotuluka kumene pakhomo. Chachitatu ndicho chimene anthu ambiri sachiganizira, ngakhale amachilankhula tsiku lililonse. Mukamva kuti bambo akumapita wapansi, mumadziwiratu kuti pali china chasintha. Mwina njinga yawonongeka, mwina mitengo ya maminibasi yakwera, ndipo mtima wanu umafunsa kuti, kodi chachitika n'chiyani? Chinthucho chikuchitika mobwerezabwereza ndithu, koma chayamba posachedwa ndipo wolankhulayo sakuchitenga ngati chamuyaya.

Chingerezi chilibe mipando itatu ngati ife, chili ndi iwiri yokha. Mneni wopanda "-ing", monga "he goes", ndiye amanyamula tanthauzo la -ma- wathu. Mneni wokhala ndi "-ing", monga "he is going", amanyamula matanthauzo awiri otsalawo, la -ku- ndi la -kuma-, ndipo womvera amasiyanitsa poona mawu ena amene ali m'chiganizocho. Mukawonjezera "now" kapena "at the moment" pa munthu amene ali panjira, ndiye kuti akupita. Mukawonjezera "every day", sizingatheke kuti akhale panjira imodzimodzi masiku onse, choncho tanthauzo lotsala ndi lakuti akumapita.

Tsopano onani ziganizo zanu ziwiri zija. Mayi wa ku England uja ananena kuti akumapalasa njinga popita kuntchito, ndipo ndikukhulupirira kuti mukafufuza mupeza kuti sanali kutero kale. Mwana wanu anafuna kunena kuti bambo amapita kuntchito, koma chimene analemba chikumveka kuti bambo akumapita kuntchito, ngati kuti anali paulova kapena anali kudwala ndipo ayambiranso posachedwa. Chimodzimodzinso iye mwini: analemba ngati akumadzuka faifi koloko masiku ano okha. Mutu wa chimangirizo unkafuna chizolowezi chokhazikika, choncho anayenera kulemba kuti: "Every day I wake up at five o'clock. I sweep the yard and my mother cooks porridge. My father goes to work every day." Aphunzitsi anachonga molondola, ndipo Mngereziyonso analankhula molondola. Ankanena zinthu ziwiri zosiyana.

MayiWaAtatu: Aphunzitsi, mwandikumbutsa. Galimoto ya mayi uja inali ku galaja mwezi wonse watha ikudikira sipeya, ndipo njingayo anachita kubwereka. Ndikukumbukiranso kuti anamaliza chiganizo chake ndi mawu akuti "at the moment", omwe ine sindinawatenge ngati ofunika.

KalalikiWaKuLimbe: Ndamva kufotokozako ndipo sindikukana, koma ndikuopa kuti tikauza ana zimenezi tiwatsegulira khomo lolakwitsira. Mwana wa Fomu 2 amafunika lamulo limodzi lolimba. Akaona "every day" asaike "-ing", basi. Zinazi akaziphunzira akadzakula.

NamwinoWaKuLeeds: Bambo a ku Limbe, lamulo lolimbalo ndi limene linandivuta ine nditangofika kuno. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo chilichonse chimene taona pa munthu timachilemba m'buku kuti amene akutilandira ntchito awerenge. Panali agogo ena amene kwa masiku asanu anayamba kukana chakudya cham'mawa, pamene kale ankadya bwinobwino. Ine potsatira lamulo la kusukulu ndinalemba kuti "She refuses breakfast every morning." Mnzanga amene anali watsopano pa wodiyo anawerenga n'kuganiza kuti ndi mmene agogowo alili, kuti sadya m'mawa chikhalire, ndipo sanachitepo kanthu. Mkulu wathu atazindikira anandiitana n'kundifotokozera mofatsa kuti ndikadalemba "She is refusing breakfast every morning", aliyense akadadziwa kuti ndi zachilendo ndipo dokotala akadaitanidwa msanga. Chondipweteka chinali chakuti m'mutu mwanga chiganizocho chinali cholondola. Ndinkaganiza kuti agogo akumakana chakudya, osati amakana. Chichewa changa chinali chitandiuza zoona, koma ndinachikana chifukwa choopa "-ing" pafupi ndi "every". Mwamwayi agogowo anathandizidwa, linali vuto la mano, koma tsiku limenelo sindiliiwala.

KalalikiWaKuLimbe: Pepani kwambiri, achemwali. Komabe zimenezo ndi za kuntchito, ine ndikunena za mayeso.

WaFomuFolo: Ine ndikulemba mayeso a MSCE chaka chino, ndipo ndayesa njira ya aphunzitsiyi pa ziganizo zingapo. Ikugwira pa kudya, kuyenda ndi kuwerenga, koma yandigwetsa pa zina. M'Chichewa timati ndikudziwa, ndikufuna madzi, ndikumvetsa. Onsewa ali ndi -ku-, ndiye potsatira njirayi ndiyenera kunena kuti "I am knowing" ndiponso "I am wanting water", koma aphunzitsi athu amakana zimenezi mwamphamvu. Kodi njirayi ndi yolakwika, kapena ndine amene sindinamvetse?

MphunzitsiWopuma: Wamvetsa bwino, mwanawe, ndipo wafika pamalo penipeni pamene zilankhulo ziwirizi zimasiyana njira. Njira ya -ma- ndi -ku- imagwira pa aneni onena za chinthu chimene munthu amachita, chomwe chili ndi poyambira ndi pothera, ndipo ukhoza kumupeza ali mkati mochichita. Ukhoza kumupeza munthu ali mkati mosesa, n'kumulanda tsache, kusesako n'kuthera pomwepo. Koma sungamupeze ali mkati modziwa dzina la mayi ake. Kudziwa si ntchito imene ikuyenda, ndi mmene zinthu zilili m'mutu mwake. Chichewa sichisamala za kusiyana kumeneku, chimalola kuti ndikudziwa komanso ndimadziwa. Chingerezi chimasamala, ndipo aneni otere chimawasiya opanda "-ing" ngakhale ukunena za mphindi ino. Choncho ndikudziwa ndi "I know", ndikufuna ndi "I want", ndikumvetsa ndi "I understand", ndikukhulupirira ndi "I believe". Aneni amenewa si ambiri, ndipo ambiri mwa iwo ndi a za m'maganizo, za mumtima, ndi za umwini wa chinthu.

Pali ena amene amaima mbali zonse ziwiri malinga ndi tanthauzo, ndipo amenewa ndiwo amagwetsa ana pamayeso. Ukati ndikuganiza kuti mvula igwa, ukupereka maganizo ako, ndipo ndi "I think it will rain." Koma ukati ndikuganiza za mayeso, ubongo uli pantchito nthawi yomweyo ndipo wina akhoza kukudula, choncho ndi "I am thinking about the exam." Funso loti uzidzifunsa ndi lakuti, kodi wina atalowa m'chipinda muno angandisokoneze ndili mkati mochita chimenechi? Ngati yankho ndi ayi, "-ing" usamukhulupirire, ngakhale Chichewa chako chili ndi -ku-.

MlembiWaPaboma: Pamenepa ndiwonjezereko zimene ndimaona m'makalata ofunsira ntchito amene amadutsa pa desiki yanga. Cholakwika chimene chimabwera kawirikawiri ndi chakuti "I am having a diploma" kapena "I am having three children." Ine ndimaganiza kuti chimachokera ku mawu athu akuti ndili ndi. Munthu akamva ndili, dzanja limathamangira kulemba "I am", kenaka amafunafuna pomatirira mneniyo n'kumupatsa "-ing". Kukhala ndi dipuloma si ntchito imene munthu ali mkati moichita, choncho ndi "I have a diploma." Mneni yemweyo amalandira "-ing" pokhapokha akamatanthauza chochita, monga kudya, ndi chifukwa chake "I am having lunch" ndi cholondola kwa munthu amene ali patebulo.

Chinanso chimene ndimachiona ndi ichi. Wofunsira ntchito wina amalemba kuti "I work as a cashier", wina amalemba kuti "I am working as a cashier." Zonse ziwiri ndi zolondola, koma sizimveka chimodzimodzi. Woyambayo akunena kuti ndiyo ntchito yake. Wachiwiriyo akumveka ngati wangoigwirizira podikira ina. Tili nazo ifenso: munthu akati ndimakhala ku Ndirande, ndiye kwawo kumeneko, koma akati ndikukhala kwa achimwene ku Ndirande, timadziwa kuti akufunafuna nyumba.

WaKuJoni: Koma funso langa lija palibe amene waliyankha. Mukufuna kundiuza kuti "going to" si za m'tsogolo?

MphunzitsiWopuma: Simunaname, achimwene, ndipo ndinalakwa kukudumphani. Chiganizo chakuti "I am going to work every day" chili ndi vuto lapadera chifukwa mawu akuti "work" amatha kukhala dzina la kumalo kumene munthu amapita, komanso amatha kukhala mneni wotanthauza kugwira ntchito. Akakhala malo, chiganizocho chikuti ndikumapita kuntchito tsiku lililonse. Akakhala mneni, chikuti ndizigwira ntchito tsiku lililonse, ndipo ndi lonjezo kapena chimene munthu watsimikiza mumtima, monga mwanenera inu. Njira yoyesera ndi kusintha mawu amodziwo. Mukaikapo "school", yomwe pamenepa ndi malo basi, tanthauzo la lonjezo lija limazimiririka, mumatsala ndi ulendo. Mukaikapo "study", mumapeza "I am going to study every day", ndipo aliyense amamva kuti munthuyo akuti aziwerenga kuyambira lero. Kumeneko mwina mumamvanso anthu akufupikitsa kuti "gonna". Kufupikitsa kumeneko kumatheka pa tanthauzo la m'tsogolo lokha. Munthu amene ali pa siteji kudikira basi yopita kuntchito sanganene kuti "I'm gonna work" potanthauza ulendo wakewo. Koma m'chimangirizo cha mwanayu, ziganizo zoyambirira zikunena za kudzuka ndi kusesa, choncho za m'tsogolo sizikukwanapo.

WaKuJoni: Zamveka. Ndiye kuti chiganizo chimodzichi chikhoza kuwerengedwa pawiri, ndipo njira zonse ziwirizo si zimene mwanayo amafuna kunena.

MayiWaAtatu: Ndinamukhazika pansi madzulo ano n'kumuuza kuti ayambe wanena chiganizo chilichonse m'Chichewa, amvetsere ngati muli -ma-, kenaka alembe. Zinayenda bwino, kungoti pa "my mother cooks" ndi "my father goes" amaiwala chilembo chomaliza chija, ankalemba "my mother cook". Ndikuganiza kuti mwina n'chifukwa chake amathawira ku "is cooking", popeza kumeneko mneni sasintha mathero kaya akunena za ndani. Koma tinakakamira pa chiganizo china. Iye amafuna kunena kuti, ndikamachoka panyumba amayi amakhala akutsuka mbale. Muli -ma- ndiponso muli -ku- m'chiganizo chimodzi. Titenge uti?

WaFomuFolo: Ine ndingalembe kuti "When I leave home, my mother washes the plates", chifukwa ndi chizolowezi.

NamwinoWaKuLeeds: Ayi, mwanawe, chimenecho chikumveka ngati amayiwo amadikira kuti mwana atuluke kenaka n'kuyamba kutsuka. Ndi Chichewa chakuti ndikachoka amayi amatsuka mbale, chomwe ndi chosiyana ndi chimene mwanayo ananena.

MphunzitsiWopuma: Anamwino akunena zoona, ndipo mwana wanu, amayi, wapeza chiganizo chabwino kwambiri. Akalembe kuti "When I leave home, my mother is usually washing the plates." Chizolowezi chanyamulidwa ndi "when I leave" pamodzi ndi "usually", pamene "-ing" akuonetsa kuti nthawi iliyonse imene mwanayo akutuluka, amayi ake amapezeka ali mkati mwa ntchitoyo, anayamba kale ndipo sanamalize. Nthawi zambiri pamene Chichewa chikuti amakhala aku-, monga amakhala akugona, amakhala akuphika, Chingerezi chidzafuna "-ing". Bambo a ku Limbe, onani kuti apa "usually" wakhala moyandikana ndi "-ing" ndipo chiganizo chili bwinobwino. Mwana amene analoweza kuti awiriwa sakumana akhoza kulemba chimene walemba mnyamata wathu wa Fomu 4yu, n'kusintha tanthauzo osadziwa.

Za chilembo chomaliza chija mwaona bwino. Ana ambiri amathawiradi ku "is" ndi "-ing" chifukwa amaona ngati ndi njira yotetezeka, ndipo vutoli limakula akafika pokana ndi pofunsa, pamene chilembocho chimasamuka kuchoka pa mneni n'kupita pa mneni wothandiza: "she cooks", koma "she does not cook" ndiponso "does she cook?" Muzimuyesa ndi ziganizo zitatuzi motsatizana pa mneni mmodzi, tsiku lililonse mneni wina, mpaka khutu lizolowere.

KalalikiWaKuLimbe: Pa "usually" ndagonja. Nanga "always"? Ameneyo ndiye sangakhale wa kanthawi kochepa, poti tanthauzo lake ndi nthawi zonse.

MlembiWaPaboma: Nayenso amatheka, koma amabwera ndi mtima wina. Mukati "He always comes late", mukungopereka lipoti lakuti amabwera mochedwa nthawi zonse. Mukati "He is always coming late", mwaikamo kutopa naye, ngati mmene timanenera kuti amangokhalira kuchedwa. Ine m'kalata ya kuofesi yofotokoza za wantchito ndimasankha choyambacho, chifukwa chachiwiricho chimaonetsa kuti wolembayo wakwiya, ndipo wowerenga akhoza kuyamba kukayika ngati lipotilo lalembedwa mwachilungamo.

NamwinoWaKuLeeds: Ndingowonjezera kuti si nthawi zonse pamene kumakhala kudandaula. Ndimamva anthu kuno akuyamikira mnzawo kuti "She is always helping people." Chimene ndimamvamo ine ndi chakuti chinthucho chimachitika mopitirira muyezo wamba, kaya ndi chabwino kaya ndi choipa.

Koma pali china chimene ine mpaka lero sindinachithetse. Ndakhala kuno zaka zisanu ndi zitatu, ndipo munthu akandifunsa kumene ndimakhala, pakamwa panga pamatuluka "I am living in Leeds." Mnzanga wina amandikonza kuti pakatha zaka zonsezi ndiyenera kumati "I live in Leeds." Kodi pali chiwerengero cha miyezi kapena zaka pamene chinthu chimasiya kukhala cha kanthawi?

MphunzitsiWopuma: Chiwerengero chotere palibe. Chimene chimalamulira ndi mmene wolankhulayo akuchionera chinthucho, osati kalendala. Munthu amene wasamuka dzulo n'kugula nyumba akhoza kunena "I live", ndipo amene wakhala zaka zisanu ndi zitatu koma akumanga kumudzi akhoza kunena "I am living". Kwa ine simukulakwitsa galamala.

KalalikiWaKuLimbe: Ine pamenepo sindikuvomereza kwathunthu. Zaka zisanu ndi zitatu ndi zambiri, ndipo pa fomu ya kubanki kapena pofunsidwa ndi a boma, munthu ayenera kunena kuti "I live", mtima wake ukhale kumudzi kapena ayi. Ndiponso pa nkhani ya ana ndikadali pomwe ndinali. Wochonga mayeso ali ndi mapepala ambirimbiri patebulo, ndipo akaona "-ing" pafupi ndi "every day" sadzayamba kufufuza ngati mwanayo amatanthauza -kuma-.

MphunzitsiWopuma: Pa fomu ya kubanki ndikugwirizana nanu, chifukwa kumeneko akufunsa za keyala yokhazikika. Pa mayeso, funso likakhala losankha yankho ndipo mulibe mawu ena oonetsa kuti zinthu zasintha, mwana asankhe mneni wopanda "-ing", pamenepo sitikutsutsana. Koma m'chimangirizo, ngati akufunadi kunena -kuma-, asaope. Angoonetsetsa kuti waika mawu osonyeza nyengoyo, monga "these days" kapena "this term", ndipo ngati n'kotheka atchulenso chifukwa chake. Chiganizo chakuti "This term I am walking to school every day because my bicycle is broken" palibe wochonga wodziwa ntchito yake amene angachidule mzere.

KalalikiWaKuLimbe: Mwati wodziwa ntchito yake. Ine mwana wanga ndimuuzabe kuti apewe mpaka atalemba mayeso.

MayiWaAtatu: Mwana wanga walembanso chimangirizo chonse ndipo akachipereka Lolemba. Ndime yoyamba yonse waichotsa "-ing", kupatula pa chiganizo cha mbale chija. Kumapeto wawonjezera yekha chiganizo chimodzi chonena kuti mwezi uno akumatunga madzi pa mjigo m'mawa uliwonse chifukwa mpopi wathu wauma, ndipo walemba kuti "This month I am fetching water from the borehole every morning because our tap is dry." Ndinaganiza zomuuza kuti achichotse potsatira malangizo a bambo a ku Limbe, koma iye wakana, akuti akufuna aone chimene aphunzitsi ake anene. Kope likabwerera ndidzakuuzani ngati adula mzere kapena ayi.